KUGULA KATUNDU PA NGONGOLE: TIWERENGE MTENGO WAKE WENIWENI

Mawu otsogolera

M'masitolo ambiri a m'matauni ndi pa maboma masiku ano munthu angathe kutenga mipando, bedi, matiresi kapena foni asanamalize kulipira. Amapereka ndalama yoyamba, imene imatchedwa dipoziti, natenga katunduyo kupita naye kunyumba. Ndalama yotsalayo amalipira pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, sabata ndi sabata, kapenanso tsiku ndi tsiku. Njirayi si yoipa mwa iyo yokha, ndipo mabanja ena yawathandiza. Vuto ndi lakuti ambiri timasaina mapepala titamva nambala imodzi yokha, ya ndalama yopereka pa mwezi, osadziwa kuti zonse pamodzi zikwana zingati.

Cholinga cha mutu uno ndi kutiphunzitsa kuwerengera. Sipafunika sukulu yapamwamba ayi. Pafunika pensulo, pepala ndi masamu a ku pulaimale: kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Mitengo imene tagwiritsa ntchito m'munsimu ndi yongoyerekeza, poti mitengo ya m'sitolo imasinthasintha. Inu mudzaike manambala amene wogulitsa wakuuzani, koma njira yowerengera idzakhala yomweyi.

Manambala anayi oyenera kufunsa

Tiyerekeze kuti banja lina likufuna mipando ya pabalaza. M'sitolo apeza mipando yabwino, ndipo pa chikwangwani palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti K52,500 pa mwezi. Bambo ndi mayi akuona kuti ndalama imeneyi angaikwanitse. Asanavomere, ayenera kufunsa mafunso anayi ndi kulemba mayankho ake pa pepala.

Funso loyamba: mtengo wake ndi wotani munthu akalipira ndalama zonse lero? Wogulitsa ayankha kuti K600,000. Funso lachiwiri: dipoziti ndi zingati? Yankho ndi K150,000. Funso lachitatu: pa mwezi tizipereka zingati? Yankho ndi K52,500 ija. Funso lachinayi: tipereka kwa miyezi ingati? Yankho ndi miyezi 12.

Wogulitsa akakana kutchula imodzi mwa manambala anayiwa, makamaka mtengo wolipira pompopompo, chimenecho ndi chizindikiro chakuti tichenjere. Popanda mtengo umenewu palibe chimene tingafanizire nacho ngongoleyo. Safunsa anadya phula.

Sitepe yoyamba: zonse pamodzi ndi zingati?

Tichulukitse ndalama ya pa mwezi ndi chiwerengero cha miyezi. K52,500 kuchulukitsa ndi 12 zikwana K630,000. Pamenepa tiphatikizepo dipoziti ija ya K150,000, imene ambiri amaiiwala chifukwa inaperekedwa kale tsiku loyamba. Zonse pamodzi ndi K780,000.

Tsopano tichotsere mtengo wolipira pompopompo. K780,000 kuchotsa K600,000 zitsala K180,000. Imeneyi ndiyo ndalama imene banjali lipereka chifukwa chongotenga mipando lisanamalize kulipira. Wogulitsa angaitche dzina lina lililonse, koma kwa ife ndi chiwongoladzanja. Mipando ndi yomweyo, nsalu yake ndi yomweyo, koma wina waigula K600,000 pamene mnzake waigula K780,000.

Munthu amene wafika pa sitepe imeneyi wadziwa kale chinthu chachikulu. Komabe kuti tithe kufanizira ngongole ya m'sitolo ndi ngongole zina, tiyenera kupitirira pang'ono.

Sitepe yachiwiri: kodi takongola zingati?

Wogulitsa angathe kunena kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti yokha, ndiye kuti K30 pa K100 iliyonse. Iye wagawa K180,000 ndi mtengo wonse wa K600,000, ndipo masamu akewo si abodza. Koma banjali silinakongole K600,000 ayi. Linapereka K150,000 yakeyake tsiku loyamba. Ngongole yeniyeni ndi K600,000 kuchotsa K150,000, imene ndi K450,000.

Choncho chiwongoladzanja tichigawe ndi ndalama imene takongoladi. K180,000 kugawa ndi K450,000 zitipatsa 40 peresenti. Pa K100 iliyonse imene sitolo yatikongoza, tikubweza K140. Apa tikuona kale kuti ngongoleyo ndi yolemera kuposa mmene inamvekera poyamba. Tionenso kuti dipoziti ikakhala yaikulu koma ndalama yowonjezerayo osachepa, ndiye kuti tikulipira chiwongoladzanja chomwecho pa ngongole yocheperapo, ndipo peresenti yeniyeni imakwera.

Sitepe yachitatu: ngongole imachepa koma chiwongoladzanja sichichepa

Sitepe imeneyi ndi imene ambiri saidziwa, choncho tiyende nayo pang'onopang'ono. Munthu akanakongola K450,000 n'kukhala nayo yonse chaka chathunthu, kenaka n'kubweza K630,000 tsiku limodzi kumapeto kwa chaka, chiwongoladzanja chikanakhaladi 40 peresenti pa chaka. Koma banja lathu lija silikhala ndi ngongole yonseyo chaka chathunthu. Liyamba kubweza mwezi woyamba womwe.

Tigawe K52,500 ya pa mwezi m'zigawo ziwiri. K450,000 kugawa ndi miyezi 12 ndi K37,500, ndipo imeneyi ndiyo ikubweza ngongole. K180,000 kugawa ndi 12 ndi K15,000, ndipo imeneyi ndiyo chiwongoladzanja cha mwezi uliwonse. Mwezi woyamba ngongole ndi K450,000 ndipo chiwongoladzanja ndi K15,000. Mwezi wachisanu ndi chiwiri ngongole yatsika kufika pa K225,000, theka la poyamba, koma chiwongoladzanja chikadali K15,000. Mwezi womaliza ngongole yatsala K37,500 yokha, koma banjali lipereka K15,000 yomweyo. Likulipira ngati kuti ndalama zonse zija likadali nazo, pamene zambiri linabweza kale.

Kuti tipeze kulemera kwenikweni kwa ngongoleyi, tifune ngongole ya pakatikati pa chaka chonse. Tiphatikize ngongole ya mwezi woyamba, K450,000, ndi ya mwezi womaliza, K37,500, kenaka tigawe pawiri. Zitipatsa K243,750. Chiwongoladzanja cha K180,000 tikachigawa ndi K243,750 tipeza pafupifupi 74 peresenti pa chaka.

Imeneyi ndi njira ya pensulo, ndipo imakweza nambala pang'ono. Kuwerengera mwa njira ya ku banki, kumene chiwongoladzanja amachiwerengera mwezi uliwonse pa ngongole yotsala, kumapereka K5.60 pa K100 iliyonse pa mwezi, kapena pafupifupi 67 peresenti pa chaka. Kaya titenge 67 kaya 74, phunziro ndi limodzi. Ngongole imene inatchulidwa kuti ndi ya 30 peresenti yapezeka kuti ndi yoposa pamenepo kawiri. Chosavuta kukumbukira ndi ichi: pa ngongole ya chaka chimodzi yobweza pang'onopang'ono, peresenti imene mwapeza pa sitepe yachiwiri muichulukitse pawiri ndi kuchepetsako pang'ono. Mukatero muli pafupi ndi choona.

Nambala imeneyi ili ndi ntchito. Ngati munthu ali membala wa SACCO kapena gulu la banki m'khonde, afunse kuti kumeneko chiwongoladzanja ndi zingati pa mwezi, ndiponso ngati amachiwerengera pa ngongole yotsala. Chikakhala chochepera K5.60 pa K100 pa mwezi, ndi bwino kukongola kumeneko ndi kukagula mipando pompopompo. Chikakhala K10 pa K100 pa mwezi, ngongole ya m'sitolo ndiyo yopepukirapo. Za katapila sitikambako n'komwe, poti chiwongoladzanja chake chimaposa zonsezi kutalitali.

Sitepe yachinayi: ndalama zina zobisika

Pa chikwangwani sapalembedwa zonse. Tisanasaine tifunse kuti, “Kupatula dipoziti ndi ndalama ya pa mwezi, palinso china chimene ndilipire?” Nthawi zina pamakhala ndalama yolembera mapepala. Nthawi zina pamakhala inshuwaransi ya katunduyo. Ndipo pali ndalama ina imene sitolo siilandira koma imatuluka m'thumba mwathu ndithu, monga yokwerera minibasi popita kukalipira mwezi uliwonse, kapena imene amadula tikamatumiza ndalama pa foni.

Tiyerekeze kuti banja lija lauzidwa kuti mapepala ndi K15,000, ndipo inshuwaransi ndi K2,500 pa mwezi, imene pa chaka ndi K30,000. Ulendo wopita ku boma ndi kubwerako ndi K3,000, ndipo maulendo 12 akwana K36,000. Zitatuzi pamodzi ndi K81,000. Mtengo wa mipando ija tsopano wafika pa K861,000, ndipo ndalama yowonjezera pa mtengo wa pompopompo ndi K261,000.

Powerengera tisamale kuti tisasakanize. Ndalama yonyamulira mipando kuchoka ku sitolo kufika kunyumba tidzalipirabe ngakhale titagula pompopompo, choncho siyenera kulowa m'masamu ofanizira. Tiziwerengera zokhazo zimene zabwera chifukwa cha ngongole.

Pa inshuwaransi tifunse kuti ikuteteza yani ndiponso ku chiyani. Kodi wokongola akamwalira ngongole ithera pomwepo, kapena itsalira mkazi ndi ana? Kodi nyumba ikapsa kapena akuba akalowa, tipitirizabe kulipira? Yankho la pakamwa silikwanira. Tipemphe kuti ationetse pamene zalembedwa.

Nanga akati palibe chiwongoladzanja?

Masitolo ena amalengeza kuti kugula pa ngongole ndi kugula pompopompo mtengo wake ndi umodzi. Zingakhale zoona, koma kawirikawiri chiwongoladzanja chimakhala chitabisala mu mtengo womwewo. Njira yodziwira ndi yosavuta. Funsani wogulitsa kuti, “Ndikabwera ndi ndalama zonse mawa, mundichotserako zingati?” Kenaka yendani m'masitolo ena awiri kapena atatu, ndiponso kwa akalipentala a kwanu, muone mtengo wa katundu wofanana naye.

Mtengo weniweni wa pompopompo ndi wotsikitsitsa umene mungapezeredi katunduyo muli ndi ndalama m'manja. Ngati mipando ya K600,000 ija angathe kukugulitsani K560,000 mutanenerera, ndiye kuti masamu athu onse ayambire pa K560,000. Pamenepo ndalama yowonjezera si K180,000 koma K220,000, ndipo ngongole yeniyeni ndi K410,000. Peresenti ija ikweranso.

Kusunga ndalama kaye: kodi zitenga nthawi yaitali bwanji?

Banja limene lingathe kupereka K150,000 lero ndi K52,500 mwezi uliwonse lingathenso kusunga ndalama zomwezo. Tiwerengere. Pakatha miyezi 8 lidzakhala ndi K570,000. Pakatha miyezi 9 lidzakhala ndi K622,500, imene yapitirira kale mtengo wa mipando. Choncho wosunga agula mipando mwezi wachisanu ndi chinayi, alibe ngongole, pamene wokongola atsala ndi miyezi ina itatu yolipira.

Apa tikuona chimene K180,000 ija ikugula. Ikugula mwayi wokhalira mipandoyo miyezi 9 msanga. K180,000 kugawa ndi 9 ndi K20,000. Funso loti bambo ndi mayi akambirane ndi ili: kodi tingalole kubwereka mipando pa mtengo wa K20,000 pa mwezi? Ena adzati ayi, tikhalabe pa mipando yathu yakale kapena pa mphasa. Ena amene ali ndi chifukwa chomveka adzati inde. Onsewo asankha akudziwa chimene akuchita.

Koma tinene chilungamo: mitengo siidikira munthu. M'mwezi wa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Katundu wochokera kunja anakwera mtengo, ndipo amene ankasunga ndalama anapeza kuti zimene anasunga sizikukwananso. Choncho kukwera kwa mitengo kuyenera kulowa m'masamu athu.

Tiyerekeze kuti pamene banjali likusunga, mipando yakwera ndi 20 peresenti kufika pa K720,000. Pakatha miyezi 11 banjali lidzakhala ndi K727,500, ndipo ligulabe mipandoyo lisanafike pa K780,000 ya wokongola. Pakatha miyezi 12 wosunga amakhala ndi K780,000 yeniyeniyo. Ndiye kuti pa nkhani ya ndalama zokha, wokongola apambana pokhapokha mtengo utakwera kupitirira K780,000, ndiko kuti kuposa 30 peresenti, wosungayo asanagule. Tikawerengera ndalama zobisika zija, mtengo uyenera kupitirira K861,000. Zotere zingachitike m'chaka chovuta, koma si chaka chilichonse.

Pamenepa pali chinthu china chofunika kuchiyang'ana m'mapepala. Ubwino wa ngongole pa nthawi yokwera mitengo umakhalapo ngati ndalama ya pa mwezi ndi yokhazikika. Ngati mgwirizano ukunena kuti sitolo ili ndi ufulu wokweza ndalama ya pa mwezi kwacha ikagwa, ndiye kuti ubwino umenewu palibe.

Kusunga kulinso ndi vuto lake. Ndalama ya m'nyumba imayitana mavuto: maliro, matenda, alendo ndi achibale opempha. Amene akudziwa kuti ndalama siikhalitsa m'manja mwake aiike kumene sangaitenge msanga, monga ku banki, ku gulu losunga ndalama, kapena achite chipereganyu ndi anzake odalirika.

Chitsanzo cha foni yolipira tsiku ndi tsiku

Mafoni ambiri a pa ngongole amalipiridwa tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata kudzera pa foni pomwepo. Ndalama ya pa tsiku imaoneka yaing'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chake imanyenga maso. Titsate masitepe omwe aja.

Tiyerekeze foni ya K300,000 pompopompo. Dipoziti ndi K90,000, kenaka K1,000 pa tsiku kwa chaka chathunthu. Chaka chili ndi masiku 365, choncho zolipira tsiku ndi tsiku zikwana K365,000. Kuphatikiza dipoziti, zonse ndi K455,000. Ndalama yowonjezera ndi K155,000. Ngongole yeniyeni ndi K300,000 kuchotsa K90,000, imene ndi K210,000. K155,000 kugawa ndi K210,000 ndi pafupifupi 74 peresenti. Poti ngongoleyi ikubwezedwa kuyambira tsiku loyamba, kulemera kwake kwenikweni ndi pafupifupi 120 peresenti pa chaka, kapena K10 pa K100 iliyonse pa mwezi. K1,000 ija, imene inaoneka ngati ya zitumbuwa, pa mwezi ndi K30,000.

Foni imasiyana ndi mipando pa zinthu zitatu. Choyamba, mafoni otere amakhala ndi loko amene wogulitsa amamuyendetsa ali kutali. Mukalephera kulipira, foni imatsekeka ndipo siigwira ntchito mpaka mutalipira. Ngati malonda anu amadalira foniyo, tsiku limene mulibe ndalama ndi tsiku lomwelo limene makasitomala sakupezani. Chachiwiri, foni imabedwa, imagwera m'madzi, galasi lake limasweka. Funsani ngati ngongole ipitirira foni itatayika, poti kawirikawiri imapitirira ndithu. Chachitatu, foni imatsika mtengo msanga, ndipo pomaliza kulipira K455,000 mudzakhala ndi foni ya chaka chimodzi imene simungaigulitse pa mtengo wa yatsopano.

Komabe foni ingathe kubweretsa ndalama, chimene mipando siichita. Kwa mayi wa geni amene amalandira maoda pa foni, kapena mnyamata wa kabaza amene amaitanidwa pa foni, funso ndi losiyana. K155,000 kugawa ndi masiku 365 ndi pafupifupi K425 pa tsiku. Ngati foni yatsopanoyo iwonjezera phindu loposa K425 tsiku lililonse, ndiye kuti chiwongoladzanja chadzilipira chokha. Koma munthu akumbukire kuti tsiku lililonse ayenera kupeza K1,000 yonse, Lamulungu lomwe, mvula kaya dzuwa. Ndipo adzifunse moona ngati ntchitoyo singatheke ndi foni yotsika mtengo imene angaigule lero ndi K90,000 ya dipoziti ija.

Chenjezo linanso ndi la ogula mafoni akale pa msika. Foni imene mwini wake sanamalize ngongole ingathe kutsekeka patapita masiku ochepa mutaigula. Pemphani lisiti yosonyeza kuti inalipiridwa yonse.

Zikavuta pakati pa njira

Masamu onse tachitawa akuyerekeza kuti munthu alipira mwezi uliwonse osadumphitsa. Moyo suyenda choncho nthawi zonse. M'migwirizano yambiri yotere, katundu amakhalabe wa sitolo mpaka ndalama yomaliza itaperekedwa. Ndiye kuti simungamugulitse kapena kumuika chikole, ndipo mukalephera kulipira eni ake angafune kudzamutenga.

Tionenso banja lija. Lalipira bwinobwino miyezi 8, kenaka ntchito ya bambo yatha. Dipoziti ya K150,000 ndi K420,000 ya miyezi 8 zakwana K570,000. Patsala K30,000 yokha kuti ifike pa mtengo wa pompopompo, koma pa mapepala banjali likadali ndi ngongole ya K210,000. Mipando ikatengedwa, banjali lingathe kutsala opanda mipando, ndalama zambiri zitapita. Banja losunga likanakumana ndi tsoka lomwelo likanakhala ndi K570,000 m'manja yodyetsera ana. Uku ndiko kusiyana kwakukulu kwa njira ziwirizi, ndipo sikuoneka pa chikwangwani.

Choncho tisanasaine tifunse zinthu zinayi. Kodi chindapusa cha kuchedwa kulipira ndi zingati, ndipo chimayamba patapita masiku angati? Kodi katundu amatengedwa munthu akadumphitsa miyezi ingati? Kodi akatengedwa, pa ndalama zimene ndapereka kale pali yobwerera? Kodi ndikafuna kumaliza msanga, mundichotsera chiwongoladzanja cha miyezi yotsala? Funso lomalizali lili ndi ndalama zambiri mkati mwake. Patatha miyezi 6, ndalama za pa mwezi zotsala ndi K315,000, koma mwa masamu athu aja K90,000 mwa izo ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Wogulitsa wachilungamo ayenera kuchotsako ndithu.

Tiyang'anenso kalendala ya banja lathu. Ngongole ya miyezi 12 idzadutsa mu Januwale ndi Febuluwale pamene chimanga chimasowa, idzadutsa nthawi yogula feteleza ndiponso miyezi yotsegulira sukulu. Mlimi amene amapeza ndalama kamodzi pa chaka akagulitsa mbewu asayeze mphamvu zake ndi mwezi wa Juni. Aziyeze ndi mwezi umene m'thumba mumakhala mopanda kanthu. Wa pa ntchito amene ngongole idzadulidwa ku malipiro ake awerengere zimene zidzatsale atadula ngongole zina zonse, aone ngati zikwanira lendi, chakudya ndi sukulu.

Ufulu wathu monga ogula

Wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona za mtengo wa chinthu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, ndipo bungwe la boma la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, limalandira madandaulo a ogula. Koma dandaulo limayenda ndi umboni. Choncho pemphani mgwirizano wolembedwa, ndipo muuwerenge musanasaine. Ngati walembedwa m'Chingerezi chovuta, pemphani kuti mupite nawo kunyumba kuti munthu wodziwa akuwerengereni. Musasaine pepala limene lili ndi malo osalembedwa. Sungani pepala lanu la mgwirizano, malisiti onse ndi mauthenga a pa foni osonyeza kuti mwalipira, mpaka mutalandira umboni wakuti ngongole yatha.

Amene wapemphedwa kusainira mnzake monga mboni afunse bwino ngati akungochitira umboni kapena akulonjeza kudzalipira mnzakeyo akalephera. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo maubale ambiri asokonekera pamenepa.

Wogulitsa akamakufulumizitsani kuti mtengowu utha lero, musatekeseke. Lembani manambala anayi aja, pitani nawo kunyumba, ndipo mukawerengere pamodzi bambo ndi mayi, poti ngongole ya m'modzi imadyetsa ndiwo zopanda mchere banja lonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Matiresi agulitsidwa K200,000 pompopompo. Pa ngongole, dipoziti ndi K50,000 ndipo pa mwezi ndi K32,000 kwa miyezi 6. Zonse pamodzi ndi zingati? Ndalama yowonjezera ndi zingati? Ngongole yeniyeni ndi zingati?

2. Munthu yemweyo akasunga K50,000 ija ndi kumawonjezera K32,000 mwezi uliwonse, agula matiresiwo patapita miyezi ingati ngati mtengo sunasinthe?

3. Tchulani katundu amene angabweretse ndalama m'banja ndi amene sangabweretse. Ndi uti amene kumugula pa ngongole kungakhale kwa nzeru?

4. Ndi miyezi iti imene ndalama zimavuta kwambiri m'dera lanu? Banja lingakonzekere bwanji miyezi imeneyi lisanatenge ngongole ya chaka chathunthu?

Mayankho a funso 1 ndi 2: zonse pamodzi ndi K242,000, yowonjezera ndi K42,000, ngongole yeniyeni ndi K150,000, ndipo wosunga agula patapita miyezi 5.